Ejenti asunge ndalama zingati? Masamu ali ndi yankho

Ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba pa Liwonde m'boma la Machinga amatsegula malo ake m'mawa asakudziwa zinthu ziwiri: chiwerengero cha anthu amene adzatape ndalama, ndi kuchuluka kwa zomwe aliyense adzatape. Ndalama zikamuthera masana, makasitomala amapita kwa mnzake.

Tiyerekeze kuti kope lake likusonyeza izi. Theka la masiku kumabwera anthu 30, theka lina anthu 50. Munthu mmodzi amatapa K10,000 pa avareji.

Lamulo loyamba likuti apeze avareji ya mtundu uliwonse wa tsiku paokha, kenako avareji ya maavarejiwo. Tsiku la anthu 30 limafuna K300,000, la anthu 50 limafuna K500,000, ndipo pakati pake ndi K400,000. N akaimira chiwerengero cha anthu, X zomwe mmodzi watapa, S zonse pamodzi, lamuloli limalembedwa motere:

E[S] = E[N] × E[X]

Koma wosunga K400,000 yokha aziperewera masiku ambiri, chifukwa masiku safanana. Kusiyanaku kumayezedwa ndi variyansi: kutalika kwa nambala iliyonse kuchoka pa avareji kumachulukitsidwa ndi iko komwe, kenako nkupeza avareji ya zotsatirazo.

Lamulo lachiwiri likuti variyansi ya tsiku ili ndi magwero awiri. Tiwerenge m'masauzande a kwacha. Gwero loyamba ndi kusiyana kwa zomwe anthu amatapa. Ngati variyansi ya munthu mmodzi ndi 225, kutanthauza kutalikirana kwa K15,000, anthu 40 apereka 9,000. Gwero lachiwiri ndi kusinthasintha kwa chiwerengero cha anthu. Maavareji aja, 300 ndi 500, atalikirana ndi 400 ndi 100, ndipo 100 kuchulukitsa ndi 100 ndi 10,000.

Var(S) = E[N] × Var(X) + Var(N) × (E[X])²

Zonse pamodzi ndi 19,000. Nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 19,000 ndi pafupifupi 138, choncho tsiku limatalikirana ndi avareji ndi ndalama pafupifupi K138,000.

Woiwala gwero lachiwiri amapeza K95,000 yokha. Ngati onse awiri akusunga kutalikiranako kawiri pamwamba pa avareji, woiwalayo asunga K590,000 pomwe mnzake asunga K676,000.

Njirayi ili ndi malire. Imagwira ntchito ngati zomwe munthu amatapa sizidalira zomwe ena atapa kapena kuchuluka kwa anthu tsikulo. Ku Balaka, m'nyengo yogulitsa thonje, kapena kulikonse pakutha pa mwezi, anthu akhoza kuchuluka uku aliyense akutapa zambiri. Zikatero, kuchulukitsa 40 ndi K10,000 kumachepetsa yankho.

Chizindikiro chili m'kope momwemo. Ejenti ayerekeze avareji ya munthu mmodzi pa masiku a anthu ambiri ndi ya masiku ena. Zikasiyana, awerengere mtundu uliwonse wa tsiku paokha. Anthu 50 akamatapa K14,000 aliyense, tsikulo limafuna K700,000, ndipo avareji ya masiku onse imakwera kufika K500,000.