Mlembi, ndi Mawu Ati Oyenera Kulembedwa Ndendende?

Masiku ano misonkhano yambiri imajambulidwa pa foni. Mlembi wa komiti ya sukulu, wa mpingo kapena wa banki m'khonde amaika foni patebulo, ndipo akafika kunyumba amamvetsera n'kulemba zonse zimene zinayankhulidwa. Msonkhano wa ola limodzi ndi theka ukhoza kudzaza masamba oposa makumi awiri, ndipo palibe membala amene angawerenge zonsezo. Anthu amafuna tsamba limodzi kapena awiri. Apa ndi pamene mlembi amayenera kusankha: ndi mawu ati amene awakopere ndendende monga anatulukira pakamwa, nanga ndi ati amene angawafotokoze m'mawu akeake?

Muyeso wake ndi umodzi. Ngati mawu angadzagwiritsidwe ntchito pomanga kapena kumasula munthu tsiku lina, alembedwe ndendende. Ngati aliyense amene analipo angavomere kuti mfundo inali yomweyo ngakhale itanenedwa mwa njira ina, mlembi ali ndi ufulu wofupikitsa.

Tiyerekeze gulu la banki m'khonde limene lapeza kuti m'bokosi mwaperewera K150,000. Pa msonkhano panali nkhani ziwiri. Yoyamba inali yokweza sheya kuchoka pa K2,000 kufika pa K3,000, ndipo inatenga mphindi makumi awiri. Anthu asanu ndi atatu anayankhula. Ambiri anadandaula za kukwera mitengo kwa zinthu, wina anafotokoza za feteleza, wina anabwereza zimene mnzake anali atanena kale. Apa palibe chifukwa chokopera mawu a munthu aliyense. Ziganizo ziwiri zikwanira: mamembala ambiri anati sheya ya K2,000 yachepa mphamvu, pamene awiri anaopa kuti ena alephera kukwanitsa. Chofunika kusamala ndi manambala okha, komanso chigamulo chimene anagwirizana. Chigamulocho chilembedwe monga wapampando anachiwerengera anthu asanakweze manja, chifukwa "kuyambira mwezi wa mawa" ndi "kuyambira tikagawana" ndi masiku awiri osiyana.

Nkhani yachiwiri inatenga mphindi zitatu zokha, koma ndi imene ikufuna cholembera chosamala. Atafunsidwa, a msungichuma anati: "Ndalama ija ndinabwereka mlamu wanga, ndipo a pampando ankadziwa. Fodya akagulidwa, ndibweza." Mlembi wofulumira angalembe kuti a msungichuma anavomera kuti anatenga ndalama ndipo analonjeza kubweza. Poyamba zikuoneka ngati palibe bodza, koma zinthu zitatu zatayika. Choyamba, iwo sananene kuti anadya ndalamazo, anati anapereka ngongole kwa munthu wina. Chachiwiri, analozanso chala a pampando, ndipo chidulechi chawachotsamo a pampandowo mwakachetechete. Chachitatu, lonjezo lawo linali ndi chomangira: kubweza kukudikira msika wa fodya. Gulu likadzapita kwa a mfumu pakatha miyezi iwiri n'kunena kuti a msungichuma aphwanya lonjezo, iwo adzayankha kuti fodya wawo sanagulidwe, ndipo foni idzawaikira kumbuyo.

Kuchokera pa chitsanzochi tikuona mitundu ya mawu osayenera kukhudzidwa: lonjezo, kuvomera kapena kukana mlandu, kuneneza munthu wina, ndi chigamulo. Pa kuneneza pali ngozi ina yapadera. Mlembi akalemba m'mawu ake kuti a pampando ankadziwa za ngongoleyo, owerenga adzaitenga ngati mfundo yotsimikizika ya gulu, pamene ndi zonena za munthu mmodzi. Mawuwo akhale m'zizindikiro zogwira mawu, mwini wake atchulidwe, ndipo yankho la wonenezedwayo likhale pafupi pomwepo, nalonso ndendende. Ngati a pampando anati "Ndinangomva mphekesera," kulemba kuti anakana kapena kuti anavomera ndi kuwaweruza mlandu usanazengedwe.

N'chifukwa chake ndi bwino kusamala ndi mawu olowetsera zonena za munthu. "Anaulula", "anavomera", "anazemba" ndi "anadzikhululukira" onse ali ndi chiweruzo mkati mwake. "Anati" alibe mbali. Kubwereza "anati" kangapo pa tsamba limodzi kungaoneke kosakoma, koma sikunapalamulitsepo mlembi.

Ndiye kodi kukopera ndendende ndi chitetezo chokwanira? Ayi. Mawu enieni akhoza kunama akadulidwa molakwika. Kutenga "ndibweza" n'kusiya "fodya akagulidwa" ndi kuipitsa nkhani kuposa kufotokoza m'mawu ako, chifukwa owerenga amakhulupirira kwambiri zimene zili m'zizindikiro. Chimodzimodzi ndi yankho lalifupi. Ngati wina anafunsa kuti, "Ndiye mukuvomera kuti munalakwitsa posatiuza?" ndipo a msungichuma anati "Eya," chimene avomera ndi kusauza gulu, osati kuba. Funso ndi yankho ziyendere limodzi.

Vuto lina limachokera pa zolembedwa zoyambazo. Foni imajambula ndi phokoso la ana, mvula padenga la malata, ndi anthu awiri oyankhula nthawi imodzi. M'Chichewa kukana kumakhala pa kachidutswa kakang'ono koyambirira, ndipo "sindinawauze" akhoza kumveka ngati "ndinawauza" wina akatsokomola pa nthawiyo. Choncho chiganizo chilichonse chimene chikupita m'zizindikiro chiyenera kumvetseredwanso pa foni, osangodalira pepala. Ndi nzeru kulemba pambali mphindi imene mawuwo akupezeka, monga 47:10, kuti wotsutsa akadzimvere yekha. Pamene sipakumveka, mlembi alembe kuti sipakumveka. Asadzaze mpatawo ndi zimene akuganiza.

Anthu ena amafunsa ngati n'kololedwa kuyeretsa mawu a munthu. Ngakhale Hansard, buku losunga zokambirana za aphungu m'Nyumba ya Malamulo, silisunga chibwibwi chilichonse: kubwereza kopanda pake kumachotsedwa, bola tanthauzo lisasunthe. Mlembi wa gulu angatsate njira yomweyo. "Eee", "mwaonatu" ndi mawu oyamba n'kusiyidwa panjira akhoza kuchoka. Koma "mwina", "ndikuganiza kuti", "ndinamva kuti" ndi "ndiyesetsa" si zinyalala. Ndi amene amaonetsa kuti munthu watsimikiza mpaka pati, ndipo kuwachotsa ndi kumulonjezetsa zimene sanalonjeze. Mukadula mawu pakati pa chiganizo, ikani madontho atatu kuti owerenga adziwe kuti pali chimene chasiyidwa.

Kuchulutsa mawu okopera nakonso kumaononga. Chidule chimene chili ndi zizindikiro pa mzere uliwonse sichinafupikitse kanthu, ndipo mawu atatu ofunika a msungichuma amamira pakati pa madandaulo a feteleza. Pa msonkhano ngati uwu, malo atatu kapena anayi okopera ndendende ndi okwanira: chigamulo cha sheya, mawu a msungichuma, yankho la a pampando, ndi tsiku limene gulu linaika loti ndalama ibwezedwe, ngati linaikidwa.

Pomaliza pali njira yoyesera ntchito yonse. Apolisi akalemba sitetimenti, mwini wake amayenera kuiwerenga kapena kuwerengeredwa asanasaine. Gulu lichitenso chimodzimodzi pa msonkhano wotsatira: chidule chiwerengedwe mokweza pamaso pa a msungichuma ndi a pampando. Wina akati "sindinatero" pa gawo lofotokozedwa m'mawu a mlembi, ndiye kuti gawolo limafunika kukoperedwa ndendende. Libwezedwe ku foni, likonzedwe, kenako asaine.