Kalata yomwe kampani ya intaneti singainyalanyaze

Nyali yolembedwa LOS pa rauta ikamaphethira mofiira, ndiye kuti kuwala kodutsa m'chingwe cha faiba sikukufika m'nyumba. Apa kuzimitsa ndi kuyatsanso sikuthandiza, komabe wolandira foni kukampani adzanena zomwezo mpaka ataona umboni.

N'chifukwa chake kalata yabwino imayamba ndi nambala ya akaunti, kenako masiku ndi nthawi zomwe intaneti inaduka. Mwini kashopu kotayipa makalata, mwachitsanzo, angalembe kuti imaduka masana aliwonse magetsi a ESCOM ali chiyakire. Mfundo ya magetsiyi ndi yofunika, chifukwa kampani imathamangira kuloza chala kumeneko.

Kenako alembe zomwe wayesa kale. Wazimitsa rauta kwa mphindi zingapo, walumikiza kompyuta ndi chingwe kuti Wi-Fi isanamiziridwe mlandu, ndipo lamulo ili likuyankha "Request timed out":

```
ping 8.8.8.8
```

Chomwe ambiri amaiwala ndi kunena chomwe akufuna. Apemphe katswiri abwere, amubwezere masiku otayika, ndipo amupatse nambala ya dandaulo. Nambalayo adzaifuna nkhani ikapita ku MACRA.