Kutsogolera zokambirana za buku la Ualalapi pa gulu la owerenga

Gulu la aphunzitsi lokumana kamodzi pa mwezi kukambirana buku limayenda bwino ngati mwini nkhani ali munthu wokondeka. Zimavuta likafika buku limene mwini nkhani wake ndi wakupha, chifukwa anthu amathamangira kugamula mlandu. Wina akangoti anali munthu woipa, enawo amavomera, ndipo nkhani imatha madzi a tiyi asanawire. Ntchito ya wotsogolera ndi kuchedwetsa chigamulocho mpaka gulu litaona bwino zimene bukulo laonetsa. Buku la Ualalapi, limene Ungulani Ba Ka Khosa anatulutsa mu 1987, ndi labwino kuphunzirirapo zimenezi.

Bukuli ndi lalifupi, la m'Chipwitikizi, ndipo lili ndi nkhani zisanu ndi imodzi zozungulira Ngungunhane, mfumu yomaliza ya ufumu wa Gaza. Iyeyu analamulira kuyambira 1884, anagwidwa ndi Apwitikizi ku Chaimite mu 1895, ndipo anafera ku zilumba za Açores mu 1906. Mu 1985 boma la Mozambiki linalandira mabwinja a thupi lake ku Maputo mwaulemu, monga ngwazi yolimbana ndi atsamunda. Patangopita zaka ziwiri, bukuli linamuonetsa ngati mfumu yotenga mpando pophetsa m'bale wake Mafemane ndi yolamulira anthu ndi mantha. Choncho aphunzitsi amafika pa gulu ali ndi Ngungunhane awiri m'mutu: wa m'buku la mbiri la kusukulu ndi wa m'buku ili.

Kukonzekera

Wotsogolera awerenge buku lonse kawiri. Ulendo wachiwiri alembe masamba amene mfumu ikuchita kapena kulamula kanthu, kuti pokambirana athe kunena kuti gulu litsegule pakutipakuti. Ngati mabuku ali ochepa, agawidwe mwa kasinthasintha, koma aliyense afike atawerenga nkhani ya imfa ya Mputa, chifukwa ndiyo idzakhale pakati pa zokambirana.

Kudakali milungu, wotsogolera auze gulu poyera kuti m'nkhaniyi muli kugwirira mtsikana. Mwa aphunzitsi khumi, sangadziwe amene nkhani yotere inam'gwerapo kapena inagwera mwana wake. Ndime imeneyo isawerengedwe mokweza, ndipo pasapezeke wolozedwa chala kuti ayankhulepo.

Nkhani ya Mputa

Mkazi wa mfumu anafuna Mputa, iye anakana, ndipo mkaziyo anamunamizira mlandu. Mputa anapempha kumwa mondzo, umene uli ngati mwavi wa makolo a Achewa, kuti zioneke ngati ali wolakwa. Anamwa ndipo sanafe. Mfumu inati kupulumukako kukusonyeza kuti ndi mfiti, choncho anaphedwabe. Patapita zaka, mwana wake Domia anayesa kubwezera ndi mpeni, koma mfumu inamugwirira ndipo naye anaphedwa.

Funso loyamba lisakhale loti kodi mfumu inalakwa, pakuti yankho lake ndi limodzi. Wotsogolera ayambe ndi zimene zinachitika: ndani ananena chiyani, ndipo mfumu inasintha mawu pati? Aphunzitsi awiri kapena atatu afotokoze nkhaniyo m'Chinyanja popanda kuyang'ana m'buku, ena azikonza pamene pasiyidwa. Apa pamaonekera amene Chipwitikizi cha bukuli chinawasokoneza, chifukwa ziganizo zake ndi zazitali ndipo mawu a anthu amalowa m'kati mwa mawu a wosimba.

Kenako gulu lifunse chimene mfumu ikanataya ikanamasula Mputa. Yankho limatuluka pang'onopang'ono. Mputa akakhala wosalakwa, ndiye kuti mkazi wa mfumu ndi wabodza, ndipo anthu onse a pabwalo aona kuti nyumba ya mfumu ingagonje kwa munthu wamba. Wotsogolera afunsenso za anthu oonerera aja: anaona mwavi ukumuyeretsa, nanga anakhaliranji chete? Funso limeneli limachotsa maso pa munthu mmodzi n'kuwaika pa nduna, asilikali ndi khamu, amene popanda iwo nkhanzazo sizikanatheka.

Pofika apa wina amadandaula kuti gulu layamba kuikira kumbuyo wakupha. Wotsogolera asazembe dandaulolo. Anene kuti kufotokoza chifukwa chimene munthu anachitira chinthu si kumukhululukira, ndipo apemphe wodandaulayo aonetse tsamba limene bukulo likupeputsa mlandu wa mfumu. Kufufuzako kumabwezera gulu ku buku.

Buku ndi mbiri

Gawo lachiwiri la msonkhano ndi lovuta kuposa loyamba. Pamakhala mphunzitsi wonena kuti bukuli likunyoza ngwazi ya dziko ndi kuthandiza mabodza a atsamunda, wina n'kumati ndi lokhalo lonena zoona. Wotsogolera ajambule mizere iwiri pa bolodi kuti pakhale zigawo zitatu: zimene bukuli likusimba, zimene mbiri imatsimikiza, ndi zimene munthu akuganiza yekha. Kugwidwa ku Chaimite kulowe m'chigawo cha mbiri. Mawu a Mputa pabwalo alowe m'chigawo cha buku. Kunena kuti mfumuyo inali chilombo kapena ngwazi kulowe m'chachitatu. Mikangano yambiri imazizira anthu akaona kuti amayankha mafunso osiyana.

Bukulo lokha limathandiza, chifukwa kumayambiriro kwake wolemba anaika maumboni a azungu amene anaona mfumuyo, Ayres d'Ornellas ndi dokotala Liengme, ndipo maumboniwo sagwirizana. Gulu lingafunse chimene wolemba anayambira ndi mboni zotsutsana. Lingafunsenso za nkhani yomaliza, m'mene mfumu ikutemberera anthu ake isanakwere sitima ya pamadzi, n'kulosera mavuto amene adzagwere dziko. Kodi munthu wankhanza akanena zoona, zoonazo zimachepa mphamvu?

Ku Angonia ndi madera oyandikana nako pali chinthu china chofunika kusamala. Mafumu a Gaza ndi Angoni onse anachokera ku magulu a Anguni amene anachoka kumwera m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Nthabwala imodzi yoti anthu a mtundu wakuti ndi otero kale ingalase mnzawo amene wakhala pa benchi lomwelo. Wotsogolera aidule nthawi yomweyo pokumbutsa kuti bukuli likunena za mfumu imodzi ndi bwalo lake.

Zilankhulo ziwiri

Ndime ziwerengedwe m'Chipwitikizi, koma aliyense ayankhule m'chilankhulo chimene akufuna. Kumasulira kumaulula maganizo obisika. Bukuli limatcha mfumuyo hosi, mawu a Chitsonga. Wina akamasulira kuti mfumu, wina kuti wolamulira wankhanza, ndiye kuti wachiwiriyu waika kale chigamulo m'kati mwa kumasulirako, ndipo gulu liyenera kuona zimenezo.

Zizindikiro zoti zokambirana zasokera ndi zoonekeratu. Mabuku amatsekedwa n'kuikidwa pansi, anthu awiri okha ndiwo amayankhana, kapena dzina la Ngungunhane limalowedwa m'malo ndi maina a andale a lero. Mankhwala ake ndi amodzi: kutchula tsamba ndi kupempha amene sanayankhulepo kuti awerenge.

Mphindi khumi zomaliza, pa msonkhano wa ola limodzi ndi theka, ndiyo nthawi ya chigamulo chimene chinachedwetsedwa chija. Aliyense anene m'mawu ochepa m'mene akumuonera Ngungunhane wa m'bukuli, ndi tsamba limene lamufikitsa pamenepo. Pasakhale kuvota, ndipo wotsogolera anene maganizo ake pomalizira penipeni, kuti asakhale yankho loti ena atengere.