Masamu a pa paketi ya bisiketi: chenjezo kwa odwala matenda a shuga

Mlangizi wa zaumoyo amene amayendera odwala matenda a shuga masiku ano amakumana ndi funso lomwe kale kunalibe. Wodwala amatulutsa paketi ya bisiketi kapena chokoleti yomwe mwana wake watumiza kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, n'kufunsa kuti: "Alangizi, apa alemba kuti mulibe shuga. Kodi ndidye zingati?" Kuti mlangizi ayankhe bwino, ayenera kudziwa masamu amene ali kuseri kwa mawu okopawo.

Makabohaidireti ndi gulu la zakudya monga sitachi wa mu ufa, mpunga ndi chinangwa, komanso shuga. Zikagayidwa m'mimba zimasanduka gulukosi, yemwe ndi shuga wa m'magazi. Koma m'gulu lomweli muli zinthu ziwiri zimene thupi siligaya monga limachitira ndi sitachi. Choyamba ndi faiba, yemwe amapezeka m'madeya, m'khungu la nyemba ndi m'masamba. Chachiwiri ndi mapoliyolo, zotsekemeretsa zimene mafakitale amathira m'malo mwa shuga. Pa Chingerezi dzina lake lina limatchula mowa, koma siziledzeretsa ayi. Zodziwika kwambiri ndi malititolo, sobitolo, zailitolo ndi erithiritolo, ndipo pa paketi maina ake amathera ndi zilembo za "ol".

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene kadyedwe kochepetsa makabohaidireti ka Dr Robert Atkins kanatchuka ku America, makampani anayamba kulemba pa mapaketi nambala yatsopano yomwe amaipeza motere:

```
Net carbs = Total Carbohydrate - Dietary Fiber - Sugar Alcohol
```

Ganizo lake ndi lakuti tichotse zonse zosakweza shuga wa m'magazi, tiwerenge zotsala zokhazo. Kungomva chabe, n'zomveka. Vuto limaonekera tikaika manambala.

Tiyerekeze kuti mabisiketi atatu opangidwa ku America ali ndi magalamu 24 a makabohaidireti onse pamodzi. Mwa amenewa, 6 ndi faiba ndipo 12 ndi malititolo. Wogulitsa achotsa 6, achotsanso 12, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti otsala ndi magalamu 6 okha. Aphunzitsi ena a odwala shuga akhala akulangiza kuti pa mapoliyolo tizichotsa theka lokha. Tikatero, pa 24 tichotsa 6 wa faiba ndi 6 wa malititolo, otsala ndi 12. Pamene bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti munthu aziyang'ana nambala ya makabohaidireti onse, yomwe pano ndi 24, kenako aone mmene shuga wake wa m'magazi akuyendera. Mabisiketi ndi omwewo, koma mayankho atuluka atatu, ndipo lalikulu likuposa laling'ono kanayi.

Gwero la mkanganowu ndi lakuti mapoliyolo sali ofanana. Erithiritolo amalowa m'magazi, koma thupi silimugwiritsa ntchito, ndipo gawo lake lalikulu limatuluka mu mkodzo osasintha. Iyeyu kumuchotsa yense palibe cholakwika. Malititolo ndi wina. Gawo lake limagayidwa m'matumbo aang'ono n'kupereka gulukosi. Pa muyeso wa mmene chakudya chimakwezera shuga wa m'magazi, pomwe gulukosi amapatsidwa 100, malititolo amakhala cha m'ma 35, ndipo manyuchi ake amapitirira 50, pamene shuga wa m'tiyi ali cha m'ma 65. Choncho kumuwerengera ngati ziro n'kudzinamiza. Tsoka lake n'lakuti malititolo ndiye amene opanga chokoleti amamukonda, kaamba koti kakomedwe kake kamayandikira ka shuga weniweni. Ngakhale njira yochotsa theka ndi yongoyerekeza: imachulutsa nambala ya erithiritolo, ndipo siganizira kuti matumbo a anthu amagaya mosiyana.

Zimene sizinagayidwe sizingosowa. Zimatsikira m'matumbo aakulu, kumene zimakoka madzi ndiponso kuoletsedwa ndi tizilombo ta m'matumbo. Zotsatira zake ndi mpweya, kutupikana ndi kutsekula m'mimba. N'chifukwa chake ku Ulaya lamulo limafuna kuti chakudya chimene mapoliyolo othiramo apitirira magawo 10 pa 100 alionse chikhale ndi chenjezo lakuti kudya kwambiri kungatsekule m'mimba. Mwana akadya maswiti otere n'kuyamba kuthamangira kuchimbudzi, si nthawi zonse pamene madzi akumwa ndiwo alakwa.

Pa faiba, masamuwa amaima bwinopo malinga ngati ndi wachilengedwe. Magalamu 100 a nyemba zophika ali ndi magalamu pafupifupi 23 a makabohaidireti onse, ndipo 6 kapena 7 mwa iwo ndi faiba amene sasanduka gulukosi. Koma mafakitale amathiranso faiba wopangidwa. Kwa zaka zingapo, zakudya zambiri ku America zinkakhala ndi manyuchi otchedwa IMO, omwe ankalembedwa ngati faiba n'kuchotsedwa onse pa masamu. Kafukufuku anaonetsa kuti gawo lake lalikulu limagayidwa ndipo limakweza shuga. Bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, la FDA, linakhazikitsa tanthauzo la faiba mu 2016, ndipo mu 2020 linakana kuti IMO aziwerengedwa m'gululo. Bungwe lomweli silinapereke tanthauzo la lamulo la nambala ya "zotsala" ija, kotero kampani iliyonse imawerengera mmene ikufunira.

Kwathu kuno kuli msampha wina, chifukwa katundu wa m'masitolo amachokera m'maiko osiyanasiyana. Ku America faiba amakhala m'kati mwa nambala ya makabohaidireti onse. Ku Ulaya ndi ku Mangalande amakhala atachotsedwa kale, ndipo amalembedwa pa mzere wakewake. Mapaketi a ku South Africa nawonso amaika faiba payekha. Mabisiketi aja akanapakidwa ku Mangalande, nambala ikanakhala 18, osati 24. Munthu amene waphunzira masamu a ku America pa foni yake angachotsenso 6 wa faiba, kenako 12 wa malititolo, n'kupeza ziro. Atero adzamaliza paketi yonse mtima uli m'malo. Njira yodziwira ndi kuona pomwe faiba walembedwa: akakhala pansi pa makabohaidireti, atalowetsedwa m'kati pang'ono ngati nthambi yake, ndiye kuti ali m'katimo, akakhala pa mzere wofanana ndi mafuta ndi mapuloteni, anachotsedwa kale.

Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi odzibaya insulini molingana ndi chakudya chimene adya. Tiyerekeze kuti dokotala anamuuza wodwala kuti azibaya yuniti imodzi pa magalamu 10 alionse. Akadya mabisiketi asanu ndi anayi, masamu a wogulitsa amupatsa magalamu 18, a theka amupatsa 36, ndipo nambala yonse ndi 72. Akakhulupirira wogulitsa, insulini ichepa ndipo shuga akwera. Koma mabisiketiwo akakhala a erithiritolo iye n'kubayira nambala yonse, shuga angatsike mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta ngakhale kukomoka. Ndipo shuga akatsika choncho, maswiti a mapoliyolo samudzutsa msanga munthu. Pamafunika shuga weniweni wosungunula m'madzi, kapena chakumwa chotsekemera wamba, ngati wodwalayo akutha kumeza.

Nanga mlangizi ayankhe bwanji? Ayambe ndi kutembenuza paketi, asiye mawu akutsogolo. Aone dziko lomwe yachokera, kukula kwa gawo limene manambala akunena, ndi dzina la chotsekemeretsa pa mndandanda wa zosakaniza. Ngati wodwala ali ndi kamakina koyezera shuga, ayeze asanadye, ayezenso patatha maola awiri, ndipo abwereze tsiku lina asanakhulupirire zotsatira. Za kusintha mlingo wa insulini zikakambidwe kuchipatala.

Alimi ena akamva za faiba amafunsa ngati nsima ya mgaiwa ingadyedwe mopanda malire. Mgaiwa ulidi ndi faiba wambiri kuposa ufa woyera chifukwa madeya sanachotsedwe, koma ngakhale mutachotsa faibayo pa masamu, gawo lalikulu la ufawo ndi sitachi. Wodwala amene wasintha ufa koma mitanda ikadali inayi adzaona kuti nambala ya pa kamakina sinasinthe kwenikweni.