Masamba 40 a Chingerezi, mphindi khumi pa bwalo la mfumu

Tiyerekeze kuti akatswiri anadzayeza madzi a pa mjigo ndi m'zitsime za m'mudzi mwanu, ndipo atumiza lipoti la masamba 40, Chingerezi chokhachokha. Komiti ya mjigo ikumana Loweruka, mamembala ambiri sukulu analekezera ku pulayimale, ndipo amfumu akupemphani kuti mukafotokoze. Muyambira pati?

Musayambe ndi kumasulira tsamba loyamba. Malipoti otere amayamba ndi mbiri ya ntchitoyo ndi njira zoyezera madzi, zomwe komiti singachite nazo kanthu. Pitani chakumapeto, pomwe alemba zimene apeza ndi malangizo awo. Werengani muli ndi mafunso atatu: apeza chiyani, tichite chiyani, ndipo achite ndani pofika liti? Mayankho ake akwane pa pepala limodzi.

Kenako manambala muwasandutse zinthu zooneka ndi maso. Ngati lipoti likuti 40 peresenti ya zitsime ili ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi, ndipo anayeza zitsime khumi, inu nenani kuti: "Pa zitsime khumi zimene anayeza, zinayi madzi ake ndi oipa." Muzitchule maina amene anthu amazidziwa nawo, monga cha kudambo kapena cha kuseri kwa tchalitchi. Likalangiza kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, tulukani nawo panja muyeze limodzi ndi chingwe. Mtunda umene munthu wauyenda yekha sauiwala.

Ngozi yaikulu ili pa timawu ting'onoting'ono. Lipoti likati tizilomboto "mwina" tikuchokera m'chimbudzi choyandikira, inu n'kusiya "mwina" uja, ndiye kuti mwaweruza banja la eni chimbudzicho popanda umboni. Likati "ndi bwino kuti pakumbidwe mjigo wina", amenewo ndi malangizo chabe. Mukanena kuti "atikumbira mjigo", mwalonjeza chimene palibe analonjeza, ndipo chaka chikatha mjigo osaoneka, wabodza mudzakhala inuyo. Nkhani yowawa musaibisenso pofuna kusangalatsa akuluakulu, pakuti madziwo amwa ndi ana.

Pa tsikulo, werengani mokweza pang'onopang'ono, mfundo imodzi, n'kuima. Musafunse kuti "Mwamva?" chifukwa mwaulemu aliyense avomera. Funsani motere: "Mayi msungichuma, mawa ku chigayo amayi anzanu mukawauza kuti chiyani?" Akayankha kuti zitsime zonse zaipa, dziwani kuti pa zinayi paja simunamveke, ndipo mubwerezenso potchula maina aja.

Pomaliza, mlembi alembe m'buku la komiti zimene mwagwirizana: zitsime zinayizo madzi ake aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini, wakutiwakuti akaonane ndi alangizi a zaumoyo pofika Lachitatu. Pa pepala lanu, pambali pa mfundo iliyonse, lembani nambala ya tsamba lomwe mwaitenga, ndipo mulisunge pamodzi ndi lipotilo. Wina akadzakayikira, adzapeza pomwe palembedwa.