Mukalumpha Msonkhano Umodzi, Musasokoneze Masabata Otsatira

Gulu lomwe limakumana Lachinayi lililonse silifuna woitana. Aliyense amadziwa kuti ikakwana 2 koloko masana, dzuwa litapendeka, ayenera kukhala atafika pamalo. Chisokonezo chimayamba sabata yomwe tsikulo lagundana ndi tchuthi, maliro kapena msonkhano wa amfumu. Anthu ambiri amaona ngati nkhani ndi yongouzana kuti sabata ino kulibe, koma mawu amenewo amasiya mafunso atatu osayankhidwa: kodi msonkhano wachotsedwa kapena wasunthidwa, wotsatira udzakhala liti, nanga zomwe zimayenera kuchitika tsikulo zipita kuti?

Titenge chitsanzo cha banki mkhonde, chifukwa kumeneko kulakwitsa tsiku kumakhudza ndalama. Tiyerekeze kuti gulu la anthu 20 limakumana Lachinayi, sheya imodzi ndi K1,000, ndipo munthu amaloledwa kugula masheya osapitirira asanu pa msonkhano umodzi. Bokosi lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana. M'chaka cha 2026, gulu lotere likugundana ndi tchuthi kangapo: 1 Januwale, tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale, tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi ndi tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, onsewa ndi Lachinayi. Masiku ngati amenewa sabwera modzidzimutsa. Mlembi akhoza kuwazungulira pa kalendala kumayambiriro kwa chaka, gulu n'kugwirizana nthawi ikadalipo.

Tione za 14 Meyi. Masiku a Lachinayi m'mwezi umenewo ndi 7, 14, 21 ndi 28. Malo abwino omangirapo mfundo ndi msonkhano wa pa 7, anthu onse ali pamodzi, ndipo mlembi alembe m'buku zomwe zagwirizanidwa. Njira zilipo ziwiri, ndipo siziyenera kusakanizidwa.

Yoyamba ndi kulumpha. Pa 14 palibe chilichonse, gulu lidzakumana pa 21 monga mwa nthawi zonse. Njirayi ndi yosavuta kulengeza, koma imabweretsa funso la ndalama. Amene amagula masheya asanu sabata iliyonse wataya mwayi wa K5,000. Kodi pa 21 adzaloledwa kugula khumi? Ngati malamulo a gulu akunena kuti asanu pa msonkhano umodzi, yankho ndi ayi, pokhapokha gulu lonse litavomereza pasadakhale. Nanga amene ngongole yake imayenera kubwezedwa pa 14? Gulu linene momveka kuti adzabweza pa 21 popanda chindapusa, chifukwa si iye walephera kubwera. Izi zikasiyidwa kuti zidzakambidwe patsikulo, wokongola amaona ngati akuberedwa, ndipo woyembekeza kukongola ndalama zomwezo amaona ngati mnzake akukonderedwa.

Njira yachiwiri ndi kusuntha, tinene kupita Lachisanu pa 15. Masheya ndi ngongole sizisokonekera, koma tsiku latsopanolo ndi lomwe anthu sadalizolowere. Musanalengeze, funsani kaye osunga makiyi atatu aja, wosunga bokosi ndi mlembi. Mmodzi yekha wa makiyi akakhala kuti Lachisanu amapita kumsika kukagulitsa tomato, anthu 19 adzakhala pamkeka akuyang'ana bokosi losatseguka. Funsaninso mwini malo, popeza kalasi kapena tchalitchi chomwe chimakhala chopanda anthu Lachinayi chingakhale ndi kwaya Lachisanu. Ndipo amene walephera kufika pa tsiku losunthidwa asalipitsidwe ngati wajomba, ngati adapereka chifukwa chake nthawi yabwino.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi sabata yotsatira. Msonkhano ukachitika Lachisanu pa 15, ena amawerenga masiku asanu ndi awiri kuchoka pamenepo n'kubwera pa 22, pomwe anzawo adakumana kale dzulo lake. Choncho uthenga wosintha tsiku uyenera kunena za misonkhano iwiri, wosinthidwawo ndi wotsatira wake.

Mawu ngati "Lachinayi likubwerali" kapena "sabata yamawa" ndi oopsa mu uthenga wa pafoni. Mlembi amalemba Lamulungu madzulo, wina amadzawerenga Lachitatu atagula bandulo kapena atatchaja foni, ndipo "yamawa" yasanduka sabata ina. Tchulani dzina la tsiku pamodzi ndi deti lake. Uthenga wabwino ungakhale wotere:

"Mamembala nonse, msonkhano wa Lachinayi pa 14 Meyi kulibe chifukwa cha tchuthi. M'malo mwake tidzakumana Lachisanu pa 15 Meyi, 2 koloko masana, malo omwe aja. Masheya ndi ngongole za pa 14 tibweretse tsiku limenelo. Kusinthaku ndi kwa sabata imodzi yokha. Lachinayi pa 21 Meyi tidzakumana monga mwa nthawi zonse. Mukawerenga muyankhe kuti mwamva."

Uthengawu ukuyamba ndi tsiku lomwe munthu asabwere, chifukwa wowerenga mzere woyamba wokha adzapulumuka ulendo wachabe. Utuluke kwa munthu mmodzi, mlembi kapena wapampando, pakuti amithenga akachuluka aliyense amawonjezera zake. Pa gulu la WhatsApp, uthenga umakwiririka msanga pansi pa moni ndi zithunzi, choncho ndi bwino kuutumizanso usiku woti mawa ndi pa 14. Ngati nthawi yasinthanso, musangolemba kuti "pepani, ndi 3 koloko". Lembani uthenga wonse mwatsopano ndipo nenani kuti woyamba uja sukugwiranso ntchito.

Kutumiza si kumva. Mlembi atenge mndandanda wa mayina 20, azichonga aliyense amene wayankha. Otsala awaimbire, ndipo amene alibe foni apatsidwe mnzawo woyandikana naye nyumba, wotchulidwa dzina, kuti akawauze pakamwa. Kungoti "muuzane" kumachititsa aliyense kuganiza kuti wina wapita kale.

Amene amasunga misonkhano yobwerezabwereza mu Google Calendar asamale pa funso lomwe limatuluka akamasintha kapena kufufuta tsiku. Pamabwera zosankha zitatu: "This event", "This and following events" ndi "All events". Posintha sabata imodzi, yoyenera ndi yoyambayo. Yachiwiri imasuntha misonkhano yonse kuyambira pa 14 kupita m'tsogolo, ndipo gulu lanu limasanduka la Lachisanu inu osadziwa. Mukamaliza, tsegulani sabata ya pa 21 muone ngati msonkhano udakali Lachinayi.

Maliro ndiwo sapereka mpata wokambirana. Pachifukwa ichi gulu likhale ndi lamulo lolembedwa kale, mwachitsanzo lakuti m'mudzi mukagwa zovuta msonkhano umalumphidwa, wapampando ndi mlembi ndiwo amalengeza, ndipo ngongole zonse zimadikira Lachinayi lotsatira popanda chindapusa. Kulumpha kumaposa kusuntha pamenepa, chifukwa tsiku la mwambo woika m'manda limatha kusintha podikira achibale akutali.

Buku la mayina ndi lomwe lidzakuuzeni ngati uthenga udafika. Anthu akabwera pa 14 n'kupeza palibe munthu, ndiye kuti udachedwa kapena udadutsa opanda mafoni. Akabwera ambiri pa 15 koma ochepa pa 21, ndiye kuti simudanene za kubwerera ku tsiku lakale. Ndipo mukaona kuti mukusuntha kawiri kapena katatu pa miyezi iwiri, vuto si sabata imodzinso. Ikani nkhaniyo pa msonkhano, gulu lisankhe tsiku lina lokhazikika, ndipo mlembi alengeze deti lomwe dongosolo latsopano lidzayambire.