Mawu a pa Chikwangwani cha pa Malire: «Nada a Declarar»

Amene amapita ku Tete kudzera pa Zobue kapena ku Angónia kudzera pa Calomue akhoza kukumana ndi mawu atatu a Chipwitikizi awa pa chikwangwani kapena pa fomu: «Nada a declarar». Liwu loyamba, nada, limatanthauza kuti palibe kanthu. Declarar ndi kuulula kapena kulengeza pamaso pa akuluakulu. Kaliwu kapakatiko, a, kamalumikiza awiriwo, ngati wathu "choti". Onse pamodzi akunena kuti: "Palibe choti ndiulule."

Vuto limabwera chifukwa ambiri amamva ngati akutanthauza kuti "ndilibe katundu". Ayi. Mawuwa akunena kuti m'chikwama mwanu mulibe katundu wofunika kulipira msonkho kapena chilolezo chapadera. Zovala zanu zosinthira siziwerengedwa pamenepa.

Tiyerekeze mayi amene wanyamula mabelo awiri a zitenje okagulitsa. Ameneyu ali ndi malonda, omwe Chipwitikizi chimati mercadorias kapena bens. Njira yake ndi yolembedwa «Bens a declarar», kutanthauza katundu woyenera kuululidwa. Akadutsa pa «Nada a declarar», wanena kale ndi mapazi ake kuti alibe malonda. Ogwira ntchito za kasitomu, amene ofesi yawo imalembedwa Alfândega, akapeza mabelowo akhoza kumulipitsa multa, ndiye kuti chindapusa, kapena kulanda katunduyo.

Choncho yang'anitsitsani liwu loyamba. Mukakayika ngati katundu wanu ngwa malonda, muonetseni musanadutse.